Msonkho wa golide ndi msonkho wa masheya: kusiyana kwake kwa amene akuyamba kusunga ndalama

Mlimi wa ku Angonia akagulitsa mbatatesi, nyemba kapena fodya n'kutsala ndi kandalama, masiku ano amamva malangizo awiri. Ena amamuuza kuti agule golide, poti mtengo wake pa msika wa dziko lonse wakhala ukukwera: unadutsa madola 2,000 pa aunsi mu 2020, ndipo mu Okutobala 2025 unadutsa madola 4,000. Ena amamuuza kuti agule masheya, monga anachitira anthu ambiri mu 2019 pamene kampani ya magetsi ya HCB, ya ku Songo m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, inagulitsa kwa nzika za Mozambiki magawo 4 pa 100 alionse a masheya ake pa mtengo wa mametikali 3 sheya imodzi.

Njira zonse ziwiri zikhoza kupindulitsa ndipo zikhoza kuluzitsa, koma boma silizitenga mofanana pa nkhani ya msonkho. Mwini masheya amatengedwa ngati munthu amene ndalama yake ikumugwirira ntchito. Wogula golide kuti adzagulitse amatengedwa ngati wamalonda. Kusiyana konse kwa msonkho, mapepala ndi zilango kumachokera pamenepa.

Kumene phindu limachokera

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Pa mapepala a ku banki mudzaona palembedwa acções. Sheya imabweretsa ndalama m'njira ziwiri. Yoyamba ndi dividendu, kutanthauza gawo la phindu limene kampani imagawira eni ake chaka chikayenda bwino. Yachiwiri ndi phindu la pogulitsa, pamene mwagulitsa sheya pa mtengo woposa umene munagulira. Pa mapepala a msonkho phindu lachiwirili limalembedwa kuti mais-valias.

Golide ali ndi njira imodzi yokha. Mukamusunga m'nyumba zaka khumi, magalamu ake amakhala omwewo, sabereka. Sheya tingaiyerekeze ndi ng'ombe yamkaka imene mumakama chaka ndi chaka n'kudzaigulitsanso pamapeto, pamene golide ali ngati chimanga cha m'nkhokwe chimene mukudikira kuti mtengo ukwere. Motero pa masheya pali nthawi ziwiri zimene msonkho umabwera, pa dividendu ndi pa kugulitsa. Pa golide, msonkho wa phindu lanu umabwera tsiku logulitsa, koma pali msonkho wina umene umakhala utayamba kale golideyo atangotuluka m'nthaka.

Lamulo limene limagwira ntchito

Msonkho wa ndalama zimene munthu payekha amapeza m'Mozambiki umatchedwa IRPS. Unakhazikitsidwa monga mmene tikuudziwira lero ndi Lamulo nambala 33/2007, ndipo unasinthidwa kwambiri ndi Lamulo nambala 20/2013. Otolera ake ndi bungwe la misonkho la AT, limene ambiri timangoti ku Finansa. Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala.

Lamuloli limagawa ndalama za munthu m'magulu asanu. Gulu loyamba ndi malipiro a pantchito, lachiwiri ndi phindu la malonda ndi ntchito zodzilemba wekha, lachitatu ndi ndalama zochokera ku chuma chimene mwaika penapake pamodzi ndi phindu la pogulitsa chumacho, lachinayi ndi lendi ya nyumba ndi malo, lachisanu ndi zina zotsala. Masheya amalowa m'gulu lachitatu. Malonda a golide amalowa m'gulu lachiwiri.

Manambala a msonkho amene ali m'nkhani ino ndi a m'malamulo amene tawatchula ndi zaka zake. Nyumba ya malamulo imasintha manambala otere nthawi ndi nthawi, choncho musanagulitse kanthu kakakulu pemphani ku Finansa kapena ku banki yanu ndandanda ya chaka chimenecho.

Dividendu: msonkho umadulidwa ndalama isanakufikeni

Msonkho wa dividendu ndi wosavuta kwa mwini masheya chifukwa saulipira ndi manja ake. Umadulidwa komwe ndalama ikuchokera n'kuperekedwa ku boma, ndipo chimene chimalowa m'akaunti yanu ndi chotsala. Mlingo wamba ndi 20 pa 100 alionse. Koma masheya a makampani amene analembedwa pa msika wa masheya wa ku Maputo, BVM, amadulidwa 10 pa 100 alionse basi. Pa msika umenewu pali makampani monga HCB, kampani ya mowa ya CDM, ya gasi ya CMH ndi ya inshulansi ya EMOSE.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mlimi wa mbatatesi wa ku Domwe amene watsala ndi 90,000 MT. Mitengo yonse ya m'chitsanzochi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Iye wapita ku banki ndi chitupa chake komanso nambala yake ya msonkho ya NUIT, n'kugula masheya 30,000 a kampani ina ya pa BVM pa mametikali 3 iliyonse. Chaka chatha, kampani yalengeza dividendu ya masentavo 20 pa sheya. Gawo lake lonse ndi 6,000 MT. Msonkho wa 10 pa 100 ndi 600 MT, ndiye m'akaunti mwake mulowa 5,400 MT.

Masheya omwewo akanakhala a kampani yosalembedwa pa BVM, monga kampani ya magalimoto imene anatsegula ndi anzake, msonkho ukanakhala 1,200 MT ndipo akanalandira 4,800 MT. Kusiyana kwa 600 MT pa chaka kumaoneka kochepa, koma kumabwerezedwa chaka chilichonse chimene dividendu yatuluka.

Kampani ikapanda kugawa dividendu chaka china, palibenso msonkho wa dividendu chaka chimenecho. Ndipo ndalama imene imagawidwayo imakhala italipira kale msonkho wa makampani wa IRPC, umene kwa makampani ambiri ndi 32 pa 100 alionse. N'chifukwa chake phindu limene kampani imalengeza pa wailesi limakhala lalikulu kuposa chimene chimafika kwa eni masheya.

Kugulitsa masheya: nthawi imene mwasunga imachepetsa msonkho

Mtengo wa sheya ukakwera koma inu osagulitsa, palibe msonkho wa phindu. Umayamba tsiku limene mwagulitsa. Phindu limapezeka pochotsa mtengo umene munagulira pa ndalama imene mwagulitsira.

Mlimi wathu uja tinene kuti wagulitsa masheya ake onse pa mametikali 4 iliyonse. Walandira 120,000 MT, anagula ndi 90,000 MT, phindu ndi 30,000 MT. Lamulo la 2013 limati kwa munthu wokhala m'dziko muno, gawo la phindu lowerengedwa pa msonkho limatsika malinga ndi miyezi imene anasunga masheyawo:

- mpaka miyezi 12: phindu lonse, 30,000 MT
- miyezi 12 mpaka 24: 85 pa 100, kutanthauza 25,500 MT
- miyezi 24 mpaka 60: 65 pa 100, kutanthauza 19,500 MT
- kupitirira miyezi 60: 55 pa 100, kutanthauza 16,500 MT

Manambala amenewa si msonkho weniweniwo ayi. Ndi ndalama imene imalowa m'masamu a msonkho. Msonkho weniweni umawerengedwa pa makwerero a IRPS, amene amayambira pa 10 pa 100 kwa opeza zochepa n'kukafika 32 pa 100 kwa opeza zambiri. Tinene kuti mlimiyu wagwera pa sitepe ya 15 pa 100. Akagulitsa chaka chisanathe alipira 4,500 MT. Akagulitsa patatha zaka zitatu alipira 2,925 MT. Akadikira kupitirira zaka zisanu alipira 2,475 MT. Phindu ndi limodzi lomwelo, chimene chasintha ndi kuleza mtima kwake.

Nanga akaluza? Lamulo limawerengera pamodzi phindu ndi kuluza kwa pa masheya amene mwagulitsa m'chaka chimodzi. Ngati pa kampani imodzi mwapindula 30,000 MT koma pa ina mwaluza 10,000 MT, masamu amayambira pa zotsala. Kuti zimenezi zitheke muyenera kukhala ndi mapepala a ku banki oonetsa tsiku ndi mtengo wa kugula ndi wa kugulitsa.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuganiza kuti popeza msonkho wa dividendu unadulidwa kale, ndiye zonse zokhudza masheya zinatha. Phindu la pogulitsa ndi nkhani ina. Limalembedwa pa fomu ya pachaka ya IRPS, yotchedwa Modelo 10, imene imaperekedwa m'miyezi yoyambirira ya chaka chotsatira.

Golide: chilolezo chimayamba, msonkho pambuyo

Golide amene munthu wa ku Angonia angamupeze mosavuta si wa zidina wa m'mabanki a kunja. Ndi golide wa fumbi kapena timiyala wochokera kwa okumba ndi manja, agarimperu, a m'maboma a m'chigawo chathu monga Makanga ndi Chifunde, kapena wa ku chigawo cha Manika. Apa ndi pamene wosunga ndalama watsopano amakodwa.

Malamulo aakulu a dziko amati chuma cha m'nthaka ndi cha boma. Lamulo la migodi nambala 20/2014 limafuna kuti wokumba akhale ndi chiphaso: wokumba ndi manja amatenga senha mineira, wa mgodi waung'ono amatenga certificado mineiro. Wogula ndi kugulitsa miyala ya mtengo wapatali, ngakhale asanagwirepo fosholo, nayenso amafunika laisensi ya malonda a za m'migodi. Nkhani za ziphasozi zimayendetsedwa ndi unduna woona za migodi pamodzi ndi bungwe lake la INAMI. Kugula golide wosayengedwa popanda laisensi ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika pa kulandidwa golideyo, chindapusa, ngakhale ndende.

Msonkho woyamba pa golide ndi wa zokumbidwa m'migodi, IPM, wa m'Lamulo nambala 28/2014. Pa golide ndi 6 pa 100 alionse a mtengo wake. Msonkho umenewu suyang'ana ngati munthu wapindula kapena ayi. Umawerengedwa pa mtengo wonse wa golideyo, ndipo mtengowo umayerekezedwa ndi wa pa msika wa dziko lonse, osati umene mwagwirizana pansi pa mtengo kumgodi. Woyenera kuulipira ndi wokumba. Koma golide sangatumizidwe kunja mwalamulo popanda umboni woti IPM inalipidwa, choncho wogula amene sanatenge umboniwo kawirikawiri ndiye amausenza, mwina poulipira yekha, mwina pogulitsa motsika mtengo kwa wina amene adzaulipire.

Msonkho wachiwiri ndi wa phindu lanu. Ndandanda ya katundu amene phindu lake limatchedwa mais-valias m'lamulo la IRPS imatchula nyumba ndi zina zosasunthika, masheya ndi mapepala ena a chuma, umwini wa zolemba ndi zopanga za nzeru, koma simatchula golide wogwirika ndi manja. Munthu wogula chinthu ndi cholinga chodzagulitsa akuchita malonda, ndipo lamulo limawerengera m'gulu lachiwiri ngakhale malonda ochitika kamodzi kokha. Zotsatira zake ndi zakuti kuchotsera kwa miyezi kuja kulibe pa golide. Kaya mwasunga sabata imodzi kaya zaka zisanu ndi chimodzi, phindu limawerengedwa lonse. Chimene mungachotse ndi ndalama zimene mwawononga pa malondawo, ngati muli ndi malisiti ake.

Ndalama yomweyo itapita ku golide

Tinene kuti mng'ono wake wa mlimi uja ali ndi laisensi, ndipo ndi 90,000 MT yake wagula magalamu 15 pa 6,000 MT galamu imodzi. Wasunga zaka zitatu. M'zaka zimenezi sanalandire kalikonse, pamene mkulu wake, ngati kampani inkagawa mofanana, walandira 5,400 MT katatu, zonse pamodzi 16,200 MT.

Tsopano wagulitsa pa 8,000 MT galamu, walandira 120,000 MT. Pongoyang'ana, phindu lake ndi 30,000 MT, lofanana ndi la mkulu wake. Koma tinene kuti pa ulendo wa ku Tete, pa kuyezetsa golideyo ndi pa mapepala anawononga 8,000 MT ndipo malisiti onse alipo. Phindu lowerengedwa likhala 22,000 MT, ndipo pa sitepe yomwe ija ya 15 pa 100 msonkho ndi 3,300 MT. Malisitiwo akanapanda kusungidwa, zowonongazo zikhoza kukanidwa, msonkho n'kufika 4,500 MT. Ndipo ngati amene anamugulitsa sanalipire IPM, pali 6 pa 100 wina wodikira, amene pa golide wa 120,000 MT ndi 7,200 MT.

Tikaika abale awiriwa pamodzi patatha zaka zitatu, wa masheya watsala ndi 27,075 MT ya pogulitsa kuphatikiza 16,200 MT ya dividendu, tisanachotse kandalama kamene banki imalipiritsa pogula ndi pogulitsa. Wa golide watsala ndi 18,700 MT ngati mapepala ake onse ali bwino. Zimenezi sizikutanthauza kuti masheya amapambana nthawi zonse. M'chitsanzochi tayerekeza kuti mitengo yonse yakwera mofanana, pamene m'zoona golide akhoza kukwera kwambiri sheya ili kutsika, ndipo pa msika waung'ono ngati BVM nthawi zina wogula sapezeka msanga tsiku limene mukufuna kugulitsa. Chimene chitsanzochi chikuonetsa ndi chakuti pa phindu lofanana, golide amafuna mapepala ambiri ndipo salandira mphotho ya kudikira.

Palinso vuto la golide wa kumgodi limene limasokoneza masamu onse. Iye sakhala golide yekhayekha, amasakanikira ndi mchenga ndi zitsulo zina. Magalamu 15 amene munayeza pa sikelo ya wogulitsa akhoza kutsala 13 akasungunulidwa, ndipo wogula wamkulu amalipira pa golide weniweni yekha. Pa 8,000 MT galamu, magalamu awiri otayikawo ndi 16,000 MT, kuposa theka la phindu lija.

Mafunso amene amabwera kawirikawiri

*Ndikagulitsa mphete kapena ndolo zagolide zimene ndinasiyiridwa ndi makolo, ndachita malonda?* Katundu wanu wovala amene simunagule kuti mudzagulitse ndi wosiyana ndi katundu wamalonda. Koma mukayamba kugula mphete kwa anthu n'kumazigulitsa, mwalowa m'gulu lachiwiri lija ngati wamalonda wina aliyense.

*Nanga masheya a kampani yokumba golide?* Amenewo ndi masheya basi. Msonkho wake ndi wa gulu lachitatu, ndipo mwini wake safunika laisensi ya migodi, chifukwa chimene ali nacho ndi gawo la kampani, osati mwala.

*Ndili ndi masheya ku Malawi. Boma la Mozambiki likukhudzidwa bwanji?* Munthu wokhala m'Mozambiki amalipira IRPS pa ndalama zake zonse, kuphatikizapo za kunja. Mlingo wotsika wa 10 pa 100 uja ndi wa masheya a pa BVM okha. Sungani pepala loonetsa msonkho umene unadulidwa ku Malawi, chifukwa ndi limene limathandiza kuti msonkhowo uganiziridwe powerengera wa kuno.

*Ndikawoloka ndi golide pa Kalomwe n'kukagulitsa ku Dedza, si ndiye kuti msonkho ndauthawa?* Kutulutsa golide m'dziko kumafuna chilolezo ndi umboni wa msonkho. Popanda zimenezi ndi kuzembetsa katundu, ndipo chimene chimatayika si 6 pa 100 chabe koma golide yense.

Mapepala oyenera kusunga

Wa masheya asunge NUIT yake, pepala la ku banki la tsiku logula, mapepala a dividendu oonetsa ndalama yonse ndi msonkho wodulidwa, ndi pepala la tsiku logulitsa. Tsiku logula ndi lofunika kwambiri chifukwa ndi limene limatsimikiza ngati phindu liwerengedwe pa 100, 85, 65 kapena 55. Munthu amene watsala ndi masabata awiri kuti akwanitse miyezi 24 angachite bwino kuwerengera kaye asanagulitse.

Wa golide asunge laisensi yake, nambala ya chiphaso cha amene anamugulitsa, lisiti loonetsa magalamu ndi mtengo, zotsatira za kuyeza, umboni wa IPM ndi malisiti a zonse zimene wawononga. Pali njira yachidule yodziwira ngati malonda a golide ali bwino: funsani wogulitsa chiphaso chake ndi lisiti musanatulutse ndalama. Akayamba kuzengereza, kapena akakuuzani kuti mtengo watsika chifukwa palibe mapepala, dziwani kuti kutsika kwa mtengoko ndi msonkho ndi mlandu zimene akufuna kusiya m'manja mwanu.